Chikwama cha Madola 8 Chimafika ku Limbe Chili pa Zingati?

Amene adatsegulapo masamba ogulitsa katundu monga AliExpress, Alibaba, Shein kapena Amazon amadziwa mmene mtima umadumphira. Chikwama cha amayi chomwe m'sitolo za mu Limbe chimagulidwa ndi ndalama zambiri, uko chalembedwa madola 8 basi. Munthu amatenga foni, kuchulukitsa 8 ndi mtengo wa dola, n'kupeza K14,000. Pomwepo mutu wayamba kale kuwerengera phindu.

Masamuwo si olakwa, kungoti aima msanga. Madola 8 ndi mtengo wa chikwama chili m'nyumba yosungira katundu ku Guangzhou kapena ku Yiwu. Kuti chifike m'manja mwa mwini wake kuno, chiyenera kulipiridwa ndi ndalama yakunja, kukwera ndege kapena sitima, kudutsa m'manja mwa a kasitomu a Malawi Revenue Authority, MRA, kenako n'kukwera galimoto. Paliponse pamenepa pali wolandira ndalama, ndipo ndalama zina zimawerengedwa pamwamba pa zinzake.

Tiyerekeze mayi wa geni amene akufuna kuoda zikwama 10 zoti azikagulitsa. Mitengo ya wogulitsa, ya wonyamula ndi ya ejenti yomwe titchule pano ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, koma njira yowerengera ndi yeniyeni. Zikwama 10 pa madola 8 chimodzi ndi madola 80. Tikatenga dola pa K1,750, womwe uli pafupi ndi mtengo wa kubanki umene udakhalapo m'chaka cha 2024 kwacha itagwetsedwa mu Novembala 2023, katunduyo ndi wa K140,000.

Chodabwitsa choyamba chimabwera pa zonyamula. Wogulitsa wapakira zikwama zija m'katoni, waika pa sikelo, yalemera makilogalamu 7. Wonyamula wa pa ndege wanena kuti kilogalamu imodzi ndi madola 10. Mayi akuyembekezera kulipira madola 70, koma uthenga ukubwera woti alipire 120. Nthawi zambiri apa mpamene anthu amakuwa kuti aberedwa, chonsecho sanaberedwe.

Ndege imadzaza m'njira ziwiri: ikhoza kulemedwa, kapena malo akhoza kutha isanalemedwe. Katoni ya mapilo ndi yopepuka koma imadya malo omwe akanakhalapo katundu wina wolipira bwino. Nchifukwa chake onyamula amayeza katoni kawiri. Amaika pa sikelo, kenako amatenga tepi n'kuyeza mulitali, mulifupi ndi msinkhu wake m'masentimita. Manambala atatuwo amawachulukitsa, n'kugawa ndi nambala yokhazikika. Makampani onyamula maphukusi mwachangu monga DHL, FedEx ndi UPS amagawa ndi 5,000, pomwe pa katundu wamba wa pa ndege ambiri amagawa ndi 6,000. Zotuluka amazitenga ngati makilogalamu, ndipo pa makilogalamu awiriwo, a sikelo ndi a tepi, amalipiritsa omwe achuluka.

Katoni ya mayi athu ndi ya masentimita 50 mulitali, 40 mulifupi ndi 30 msinkhu.

```
50 x 40 x 30 / 5000 = 12
```

Makilogalamu 12 aposa 7, choncho ndalama ndi madola 120. Zikwama za amayi, nsapato zokhala m'mabokosi awo, zidole za ana, mapoto ndi zipewa zimagwa m'mbuna imeneyi chifukwa m'kati mwake mumadzaza mpweya ndi mapepala oti zisaphwanyike maonekedwe. Munthu amalipirira mpweya wa ku China ulendo wa pa ndege. Tinene kuti m'madola 120 amenewa mwalowa kale inshulansi ya katunduyo. Tsopano katundu ndi ulendo wake zakwana madola 200, kapena K350,000, ndipo zonyamula zaposa kale mtengo wa zikwama.

Nanga masamba aja olemba kuti Free shipping? Ndege siuluka ndi madzi. Wogulitsa amakhala ataika kale ndalama yonyamulira mu mtengo wa chinthucho, ndipo amasankha njira yotchipitsitsa, yomwe kawirikawiri imathera ku positi ofesi patapita milungu yambiri. Pa kanthu kakang'ono ngati chotchingira foni kapena ndolo, njirayi ndi yabwino kwa amene sali pa changu. Mawuwo sanenapo kanthu za msonkho wa kuno.

Tsopano katoni yatsika pa Chileka kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Apa pali mfundo imene ambiri saidziwa mpaka ataona pepala la msonkho: dyute sawerengera pa mtengo wa katundu wokha. Malawi amawerengera pa mtengo wa katundu kuphatikiza inshulansi ndi ndalama yonyamulira kufika m'dziko muno. Pa mapepala a malonda mtengo wophatikizawu umalembedwa ndi zilembo zitatu, CIF. Kwa mayi athu, a kasitomu sayambira pa madola 80 koma pa madola 200, omwe amawasintha kukhala makwacha pa mtengo wa dola womwe MRA ikugwiritsa ntchito nthawi imeneyo. Si maiko onse amatero. Ku South Africa, mwachitsanzo, dyute amawerengera pa mtengo wa katundu osaphatikizapo ulendo wa pa nyanja kapena wa pa ndege, choncho m'bale wa ku Joni akakuuzani mmene amawerengera iye, musatengere pomwepo.

Mulingo wa dyute umadalira mtundu wa katundu. Chinthu chilichonse chogulitsidwa pakati pa maiko chili ndi nambala yake m'buku la a kasitomu, yomwe pa mapepala imatchedwa HS code. Manambala asanu ndi limodzi oyamba ndi ofanana pafupifupi m'maiko onse, chifukwa amakonzedwa ndi bungwe la World Customs Organization la ku Brussels, koma dziko lililonse limaika lokha ndalama yoti ilipidwe pa nambala iliyonse. Kuno, monga m'maiko ambiri a chigawo chino, zipangizo zokapangira zinthu ndi makina zimalipira pang'ono kapena osalipira n'komwe, pomwe katundu wotha kale kupangidwa, wongogula n'kugwiritsa ntchito, ambiri amakhala pa 25 pa 100 iliyonse. Tiike zikwama zathu pa mulingo umenewu. Pa K350,000, dyute ndi K87,500.

Kenako pamabwera VAT, ndipo nayo siwerengedwa pa mtengo wa katundu wokha. Amatenga mtengo uja wa CIF, kuwonjezapo dyute, kuwonjezaponso ekisaizi ngati katunduyo ali nayo, ndiye n'kudula VAT pa zonsezo. Ndi msonkho wodulidwa pamwamba pa msonkho unzake. Pano tiwerengera 16.5 pa 100, mulingo womwe Malawi adakhala nawo kwa zaka zambiri. Milingo ya misonkho imasintha ndi bajeti ya boma, choncho powerengera zanu muikepo wa chaka chomwe mukuoda.

```
350000 x 0.25 = 87500
(350000 + 87500) x 0.165 = 72187.50
```

Dyute ndi VAT pamodzi zakwana pafupifupi K159,700. Taonani nambala imeneyi bwino: yaposa K140,000 yomwe mayi alipira wogulitsa ku China. Munthu wosadziwa chomwe chachitika amaona ngati a kasitomu amukhomera msonkho wopitirira 100 pa 100, ndipo mkangano umayambira pomwepo pa kauntala. Chonsecho milingo yake ndi yomwe ija, 25 ndi 16.5. Chakulitsa msonkho ndi katoni.

Ofuna njira yachidule asaphatikize 25 ndi 16.5 n'kunena kuti msonkho ndi 41.5. Njira yolondola ndi kuchulukitsa 1.25 ndi 1.165, zomwe zimapereka pafupifupi 1.46. Tanthauzo lake n'lakuti pa K100 iliyonse ya mtengo wa CIF, boma limatengapo pafupifupi K46. Katundu akakhala ndi ekisaizi, tiyerekeze ya 10 pa 100, imalowa pakati pa dyute ndi VAT, ndipo K46 ija imakwera kufika pafupifupi K60. Ekisaizi imagwera katundu wosankhidwa, monga mowa, fodya, magalimoto ndi zina zomwe boma limaziona kuti si zofunikira kwenikweni, choncho n'kofunika kufunsa ngati chinthu chanu chili pa mndandandawo musanatumize ndalama.

Kuchokera pa nambala ya 1.46 pamatuluka mfundo yomwe ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse m'nkhaniyi. Dola iliyonse yowonjezera pa zonyamula imakudyerani dola imodzi ndi masenti 46, ndipo iliyonse yomwe mwapulumutsa pa zonyamula imapulumutsanso msonkho wake. Anthu amatha sabata akunenerera wogulitsa kuti atsitse chikwama kuchoka pa madola 8 kufika pa 7.50, zomwe pa zikwama 10 ndi madola 5 okha, koma za katoni safunsa n'komwe. Tiyeni tione chomwe chingachitike mayi atauza wogulitsa kuti achotse mapepala a m'kati, apanikize zikwama bwinobwino, katoni itsike msinkhu kuchoka pa masentimita 30 kufika pa 20. Tepi ipereka makilogalamu 8 m'malo mwa 12, ndipo zonyamula zitsika kufika pa madola 80. Mtengo wa CIF ukhala madola 160, kapena K280,000. Dyute ikhala K70,000, VAT ikhala K57,750. Pa zonyamula papulumuka K70,000, pa msonkho pafupifupi K32,000, zonse pamodzi K102,000, chifukwa cha masentimita 10. Pali malire ake ndithu. Chikwama cholimba chikapanikizidwa chimafika chitapindika, ndipo kasitomala wa mu tauni sagula chikwama chamakwinya. Koma funso loti katoni ndi yaikulu bwanji liyenera kufunsidwa ndalama isanachoke.

Tibwerere ku katoni yathu yoyamba ya makilogalamu 12, chifukwa ulendo wake sunathe. Katundu wa malonda amafunika kulembetsedwa m'makina a kasitomu otchedwa ASYCUDA World, ndipo ntchitoyi imachitika ndi ejenti woombola katundu wokhala ndi chiphaso. Woodayo amafunsidwa nambala yake ya msonkho. Ejenti amalipidwa, osunga katundu pa bwalo la ndege nawonso amalipiritsa, ndipo makampani onyamula mwachangu akakuombolerani okha amaikapo yawo ya ntchitoyo. Tiike zonsezi pa K40,000, ndi K10,000 ya galimoto yochoka pa Chileka kufika ku Limbe. Banki nayo imadula yake polipira ndi kadi ya Visa kapena Mastercard mu ndalama yakunja, ndipo mtengo wa dola womwe imagwiritsa ntchito ndi wogulitsira, osati wogulira. Tiyerekeze kuti yadula 3 pa 100 ya K350,000, yomwe ndi K10,500.

Tikaphatikiza K350,000 ya katundu ndi ndege, K159,700 ya misonkho, K50,000 ya ejenti, osunga ndi galimoto, komanso K10,500 ya banki, tapeza K570,200. Chikwama chimodzi chafika pa K57,000, kanayi kuposa K14,000 ija ya pa foni. Chimodzi chikapezeka kuti zipi yake ndi yakufa, ndalama yonseyo igawidwe pa zikwama 9, ndipo chilichonse chikwera kupitirira K63,000. Phindu lisanaikidwepo.

Ndipo masamu onsewa aima pa chinthu chomwe amalonda a kuno akudziwa kuti n'chovuta: kupeza dola pa mtengo wa kubanki. M'zaka zaposachedwapa ndalama yakunja yakhala ikusowa, ndipo mabanki akhala akuchepetsa ndalama zomwe munthu angalipire kunja ndi kadi. Ambiri amadzera kwa anthu omwe amawalipirira katundu ku China n'kulandira makwacha kuno, ndipo anthu amenewa amaika mtengo wawo wa dola, wokwera kwambiri kuposa wa kubanki. Kugula ndalama yakunja kwa munthu wopanda chilolezo ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, komanso sipakhala pepala la banki loonetsa zomwe mwalipira. Pa masamu pokha, tiyerekeze kuti dola yamufikira mayi pa K3,500. Madola 200 asanduka K700,000. Misonkho ikhala yomwe ija chifukwa a kasitomu amawerengera pa mtengo wovomerezeka, koma zonse pamodzi zipitirira K900,000, chikwama chimodzi n'kufika pa K91,000. Choncho powerengera pamafunika mitengo iwiri ya dola: womwe mwalipira inu, wa katundu ndi ndege, ndi womwe a MRA agwiritse ntchito, wa misonkho. Kusakaniza iwiriyi ndiye kumasokoneza masamu a anthu ambiri.

Za sitima tingonena mwachidule. Katundu wa pa nyanja amalipiridwa potengera malo, pa kiyubiki mita, ndipo katoni yathu ndi 0.06 chabe ya kiyubiki mita imodzi. Amatsikira pa doko la Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, n'kulowa m'dziko ndi lole kapena sitima ya pamtunda, ambiri kudzera pa Mwanza, Dedza ndi Songwe. Ndi njira yotchipa kwambiri pa katundu wochuluka, koma imatenga miyezi, mpamba uli chimangire, ndipo onyamula ambiri ali ndi ndalama yoyambira yomwe sapita pansi pake ngakhale katundu achepe bwanji. Katoni imodzi sipindula nayo kwenikweni. Makatoni makumi awiri ndi nkhani ina.

Palinso makampani osonkhanitsa katundu wa anthu ambiri ku Guangzhou kapena ku Dubai n'kumutumiza pamodzi, omwe amatchula mtengo umodzi pa kilogalamu, woti muli zonse mpaka Lilongwe kapena Blantyre. Apa funso ndi limodzi: kodi mu mtengowo muli dyute ndi VAT? Pa mapepala yankho limabisala m'zilembo zitatu. DDP ndiye kuti wotumiza alipira zonse mpaka misonkho ya kuno. DAP ndiye kuti akufikitsirani katundu koma misonkho ndi yanu. FOB, yomwe imaonekaoneka pa Alibaba, ndiye kuti wogulitsa akangokweza katundu m'sitima ku China, zotsala zonse ndi zanu. EXW ndiye yotchipa m'maso koma yolemetsa: mukatenge nokha katunduyo pakhomo pa fakitale. Mitengo iwiri ya chinthu chimodzi, wina wa EXW wina wa DDP, siingayerekezedwe mwachindunji, ndipo wooneka wodulayo nthawi zina ndiye wotchipa.

Ogulitsa ena amadzipereka okha kulemba mtengo wochepa pa invoisi, kapena kulemba pa phukusi kuti ndi mphatso. Amaona ngati akukuthandizani. A kasitomu amaona zikwama tsiku ndi tsiku ndipo amadziwa mitengo yake. Akakayika invoisi, lamulo limawalola kuikana n'kuika mtengo potengera katundu wofanana naye yemwe adalowapo kale, ndipo mtengo umenewo ukhoza kuposa womwe mudalipiradi. Akapeza kuti mwanama dala, pali chindapusa, mwinanso kulandidwa katundu. Pomwe mkangano ukuchitika, katoni ili m'nyumba yosungira ndipo ndalama yosungira ikukwera tsiku lililonse. Komanso katundu akasowa panjira, inshulansi imabweza zomwe zidalembedwa pa invoisi yabodza ija. Wolemba zoona ali ndi chomenyera nkhondo: invoisi, risiti ya wonyamula ndi sitetimenti ya banki yoonetsa ndalama yomwe idatulukadi. Mapepala atatuwa akagwirizana, kudandaula pa mtengo womwe mwaikiridwa kumakhala ndi mutu.

Msampha wina uli pa katundu wochokera m'maiko oyandikana nafe. Malawi ali mu SADC ndi COMESA, ndipo katundu wopangidwa m'maiko a mabungwewa amatha kulowa ndi dyute yochepa kapena yopanda n'komwe. Koma chomwe amayang'ana ndi komwe chinthucho chidapangidwa, osati komwe chidagulidwa, ndipo pamafunika chiphaso chotsimikiza zimenezo. Ketulo yogulidwa pa tsamba la ku South Africa koma yopangidwa ku China ndi ya ku China basi pamaso pa a kasitomu. Ngakhale dyute itachotsedwa, VAT imakhalapobe.

Ndalama zina zimabwera katundu atafika kale. Magetsi a kuno ndi a mavoti 230 ndipo pulagi yathu ndi ya mano atatu ngati ya ku Britain, pomwe zipangizo zambiri zogulitsidwa ku America ndi za mavoti 120. Choumitsira tsitsi cha kumeneko chikalumikizidwa kuno popanda chosinthira mphamvu chimapsa, ndipo chosinthiracho chili ndi mtengo wake. Zinthu zokhala ndi mabatire a lithiyamu, mafuta onunkhira ndi zamadzimadzi zili ndi malamulo ake pa ndege, choncho onyamula ena amazikana, ena amazikweza mtengo. Katundu wina wa malonda amafunikanso kuyezedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo nawo amalipiritsa.

Kubweza katundu wolakwika ndiko kumene masamu amakanika. Tsamba likhoza kulonjeza kubweza ndalama, koma nthawi zambiri limafuna kuti chinthucho chibwerere kaye, ndipo kutumiza chikwama cha madola 8 kuchoka ku Blantyre kupita ku China kumadya ndalama yoposa chikwamacho. Akabweza, amabweza madola 8 aja. K43,000 yotsalayo, ya ndege, misonkho, ejenti ndi banki, wogulitsa saidziwa. Nchifukwa chake amalonda ozolowera amayamba aitanitsa chimodzi kapena ziwiri zoonera, ndipo pa oda yaikulu amauza wosonkhanitsa katundu ku China kuti atsegule katoni, ajambule zithunzi ndi kuyesa mazipi isanakwere ndege, pomwe kubweza kwa wogulitsa kudakali kotchipa.

Mayi athu akanatha kudziwa K57,000 ija asanatumize ngakhale tambala. Kwa wogulitsa akanafunsa kulemera kwa katoni, miyeso yake itatu, HS code ndi zilembo zitatu za mtengo. Kwa wonyamula akanafunsa mtengo wa kilogalamu, nambala yomwe amagawira, ndi ngati misonkho ilimo. Kwa ejenti kapena ku ofesi ya MRA akanapita ndi HS code ija n'kufunsa dyute, ekisaizi ndi VAT ya chaka chimenecho. Akapeza nambala yomaliza, aiyerekeze ndi mtengo wopikulira chikwama chofanana nacho kwa amalonda akuluakulu a mu Limbe kapena ku Area 2 ku Lilongwe. Iwowo amabweretsa katundu pa kontena yathunthu ya pa nyanja, choncho pa chikwama chimodzi ndalama yonyamulira ndi msonkho wake zimakhala zochepa kwambiri kuyerekeza ndi za katoni imodzi ya pa ndege. Pa katundu wamba wopezeka paliponse, kawirikawiri iwo ndi amene amapambana. Kuoda wekha kumakhala ndi phindu pa chinthu chaching'ono, chopepuka, chodula, chomwe kuno sichipezeka, monga sipeya ya makina osokera kapena ya foni, pomwe madola 10 a kilogalamu imodzi amanyamula katundu wa madola mazana.